Mwezi umene ndinatsata K500 iliyonse: zomwe zinandichitikira pa Dedza

Ndine telala. Makina anga ndimaika pakhonde la golosale ina pa boma la Dedza, ndipo ndimakhala chakumtunda, kufupi ndi phiri, ulendo wa mphindi 35 wapansi ngati sindinanyamule kanthu. Ntchito yathuyi ilibe tsiku la malipiro. Lero wina abweretsa buluku loti ndisinthe zipi, mawa kubwera mayunifolomu atatu, mkuja osaona munthu ndi mmodzi yemwe. Ndalama imalowa pang'onopang'ono ndipo imatulukanso chimodzimodzi, ndiye munthu umangoona kuti dzanja silinaume, koma pakutha pa mwezi ulibe choloza.

Chaka cha 2024 chitafika pakati, ndinali nditakongola ku banki m'khonde kanayi motsatizana, osati yogulira nsalu ayi, koma yokwaniritsira lendi ndi ufa. Mwezi uliwonse ndinkaperewera ndalama pafupifupi K45,000. Ndipo mumtima mwanga wolakwa ndinali nditamupeza kale: chipisi. Pafupi ndi pamene ndimasokera pali chiwaya, ndipo kukazizira fungo lake limachita kukukoka. Ndikadya ndinkabwerera pamakina ndikudzitukwana chamumtima, kuti mayi wa ana atatu ukudya wekha pamsika. Mukanandifunsa nthawi imeneyo, ndikanalumbira kuti chipisi chimandidyera K25,000 pamwezi.

Amene anandiyambitsa zolemba ndi aNangozo, msungichuma wa gulu lathu, mayi wachikulire amene anagulitsapo mbatatesi pa Lizulu zaka zambiri. Nditawadandaulira anandifunsa kuti, "Make Chisomo, mukuti ndi chipisi. Mwawerenga kapena mukungoganiza?" Ndinati ndikudziwa. Iwo anaseka n'kuti, "Chimanga chikamatha m'nkhokwe aliyense amathamangira kunena wakuba. Anankafumbwe palibe amawatchula."

Ulendo woyamba ndinalephera, ndipo ndifotokoze mmene ndinalepherera chifukwa ndikuona kuti ambiri amagwa pomwepa. Ndinagula kope, n'kumalemba usiku ana atagona. Mlungu woyambawo ndinasanduka mngelo. Chipisi sindinadye, kabaza sindinakwere, foni ndinangoiyang'ana. Ndinkaopa kope ngati mphunzitsi. Zotsatira zake, zimene ndinalemba zinali za munthu wina wake wabwinobwino amene sindimamudziwa, osati za ine. Mlungu wachiwiri nditatopa n'kubwerera ku makhalidwe anga, ndinayamba kunamiza kope lomwelo. Chinthu chimene ndachita nacho manyazi ndinkachilemba kuti "zina ndi zina". Masiku ena ndinkaiwala zenizeni, chifukwa K300 yomwe watulutsa mamawa sungaikumbuke usiku maso akulemera. Pofika tsiku la 12 kope lija ana anayamba kujambulamo magalimoto.

ANangozo atamva sanakalipe. Anandipatsa malamulo awiri okha. Loyamba, mwezi wathunthu ndisasinthe kanthu. Ndidye chimene ndimadya, ndikwere chimene ndimakwera, ntchito yanga ikhale yowerenga basi, zoweruza zidikire. Lachiwiri, ndisadalire mutu, ndidalire kuwerenga ndalama yeniyeni m'manja, m'mawa ndi madzulo.

Lachiwirili ndi limene linasintha zonse. Zimayenda chonchi. M'mawa musanatuluke, werengani ndalama yonse imene muli nayo, ya m'chikwama, ya pamfundo ya chitenje, ngakhale ya m'thumba la juzi, n'kulemba. Masana, ndalama ikalowa kapena kutuluka, lembani pomwepo. Ine ndinamangirira kapensulo ku makina ndi ulusi, kapepala ndinkakaika pansi pa nsalu yophimbira. Madzulo phatikizani ya m'mawa ndi yolowa, muchotsepo zonse zimene mwalemba kuti mwagula. Yankho lake ndi ndalama imene iyenera kukhala m'chikwama. Kenako werengani imene ilimodi. Ziwirizi sizifanana kawirikawiri, ndipo kusiyana kwakeko ndiko kumene mukufunafuna.

Nali tsiku limodzi la m'kope langa, Lachiwiri lina la mwezi wa Juni. M'mawa ndinali ndi K8,400. Masana ndinalandira K7,500, ya zipi imodzi ndi madiresi awiri a sukulu. Zonse pamodzi K15,900. Zimene ndinalemba kuti ndagula zinali ulusi ndi mazipi, kabaza, chipisi, makala, mafuta oyeza, tomato ndi masamba, usipa, ndi bandulo ya foni, zonse pamodzi K8,100. Ndiye kuti m'chikwama munayenera kutsala K7,800. Nditakhuthula pamphasa ndinapeza K6,500. K1,300 kulibe.

Kale ndikanangoti mwina ndawerenga molakwika, n'kugona. Koma tsiku limenelo ndinakhala pansi n'kuyenda ndi tsikulo m'maganizo kuyambira pakhomo. Ndinakumbuka K500 imene ndinapatsa Chisomo ya mandasi akupita kusukulu, nditaima pakhomo, kapepala kali kutali. Ndinakumbukanso kuti mwana amene ndinamutuma tomato sanabweze chenje cha K300, ndipo ine sindinafunse. K500 yotsalayo sindinaipeze mpaka lero. Ndinatsegula mzere wake wapadera kumapeto kwa tsamba, n'kuulemba kuti "sindikudziwa".

Mzere umenewu musachite nawo manyazi, ndipo musaukwirire. Chiyeso chimakhalapo choti muwonjezere K500 pa usipa kuti masamu agwirizane. Mukatero kope limaoneka laukhondo koma lasiya kukuuzani zoona. Kwa ine mzere wa "sindikudziwa" unali muyeso wa kulemba kwanga komwe. Mlungu woyamba unafika K6,800. Wachiwiri K4,100, wachitatu K2,600, wachinayi K1,900. Pamene unkatsika ndi pamene ndinadziwa kuti manambala enawo ndingawakhulupirire. Ukakhala kuti sukutsika, ndiye kuti pali khomo limene ndalama ikutulukira inu musanafike pa pensulo. Kwa ine linali khomo lenileni la nyumba, m'mawa, ana akamatuluka. Ndinaikanso kapepala kena pazenera.

Ndalama ya pafoni ndinkaiwerenga payokha. Iyo njosavuta, chifukwa chilichonse chimasiya uthenga. Lamlungu masana ndinkakhala ndi foni n'kumakopera mauthenga onse m'kope. Chofunika kusamala nchimodzi: mukatapa ndalama kwa ejenti, imeneyo simunaidye, yangosamuka kuchoka pafoni kulowa m'chikwama. Muilembe ngati yolowa m'chikwama. Yomwe yapitadi ndi ija amadula potapa. Poyamba ndinkawerenga kawiri, ndipo ndinadzidzidzimutsa ndekha pachabe.

Bwanji mwezi wathunthu? Chifukwa milungu siifanana. Kumapeto kwa mwezi anthu a pantchito akalandira, makasitomala amachuluka, ndipo nanenso dzanja limamasuka. Pakati pa mwezi timakhala ngati tili pa maliro. Mukayeza mlungu umodzi mwayeza nyengo imodzi yokha. Komanso dziwani kuti mwezi umene mwasankha uli ndi khalidwe lake. Juni wa ku Dedza aliyense amamudziwa, madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo makala amene ndinagwiritsa ntchito mwezi umenewo si amene ndimagwiritsa mu Okutobala.

Mwezi utatha ndinatenga kope kupita nalo kwa aNangozo, tinakhala pakhonde pawo n'kuyamba kusonkhanitsa zofanana. Chipisi chija, chimene ndinkadzizunza nacho, ndinadya kasanu ndi kanayi mwezi wonse. K9,000. Ndinabwereza kuwerenga kawiri. Chinkaoneka chachikulu chifukwa ulendo uliwonse ndikadya mtima unkandipweteka, ndiye ndinkachikumbuka. Zimene sizinkandipweteka mtima sindinkaziona n'komwe. Kabaza ndinakwera ka 17, K17,000. Bandulo ya tsiku ndi tsiku ya K500 ndinagula ka 24. Makala a m'tijumbo, a K600 kamodzi, ndinagula tijumbo 52.

Apa ndi pamene ndinafuna kuyambanso kulira, kuti taonani K31,200 yapita ku makala okha. ANangozo anandigwira dzanja. "Nanga nsima mukanaphikira chiyani? Mpweya?" Anandiphunzitsa chinthu chimene ndikuona kuti ndicho mutu wa nkhani yonseyi. Ndalama yonse imene mwagulira chinthu si imene yadontha. Yodontha ndi kusiyana kwa zimene mwalipira ndi zimene mukanalipira mukanachita mwanjira ina imene mungaikwanitsedi. Osati njira ya m'maloto, koma yoti inuyo, ndi moyo wanu womwewu, mungaitsate.

Za makalazi ndinaziyesa ndithu, sindinangoganiza. Mwezi wotsatira ndinagula thumba lathunthu pa K15,000, wonyamula ndinamupatsa K1,000. Litafika ndinatenga kajumbo kofanana ndi kamene ndimagula pamsika, n'kuyamba kuyeza thumba lonse mmenemo, manja bii. Munatuluka tijumbo 38, kusiya fumbi la pansi. K16,000 kugawa 38 ndi pafupifupi K420 pa kajumbo, pamene pamsika kanali K600. Pamasamu a papepala thumbalo linayenera kutha masiku 22. Linatha masiku 19. Chifukwa chake nchodziwikiratu: makala akakhala pakhomo ambiri, ana amadzaza mbaula mosaumira, timaotha nthawi yayitali, ndipo mnansi akabwera ndi kambale kuti "tigawireniko tiphikire phala la mwana" sungamubweze thumba likuoneka lili pakona. Ndiye muyeso woona ndi uwu: ndi tijumbo ndinkawononga K1,040 patsiku, ndi thumba pafupifupi K840. Kusiyana K200 patsiku, K6,000 pamwezi. Si K31,200, komanso si K9,000 yopitirira pang'ono imene masamu a papepala aja analonjeza.

Ndipo ndinene pano, kugula pang'onopang'ono si uchitsiru. Amene amagula mafuta oyeza ndi shuga wa m'timapepala amadziwa bwino lomwe kuti botolo lalikulu ndi lotchipa. Vuto ndi loti K16,000 ya pamodzi sipezeka tsiku limene wapeza K4,000. Ine thumba loyambalo ndinaligula mlungu umene ndinalandira ndalama ya zovala za ukwati. Kenako tsiku lililonse ndinkaponya K900 m'chitini, ngati kuti ndikugula makala kwa ine mwini, kuti thumba likamatha ya lina ikhale itakwana. Mwezi umodzi chitinicho ndinachitsegula mwana atadwala, ndipo ndinabwerera ku tijumbo milungu iwiri. Zimachitika.

Kabaza anandiphunzitsa china. Pambali pa ndalama iliyonse aNangozo anati ndizilemba nthawi, ngakhale kungoti "m'mawa" kapena "madzulo". Pa maulendo 17 aja, 6 anali a masiku amene ndinanyamula katundu kapena mdima unandipeza, ndipo amenewo sindingawasiye. Koma 11 onse anali a m'mawa, ndipo nditayang'anitsitsa anali masiku amene ndinachedwa kutuluka. Kuchedwako kunkabwera chifukwa choyatsa mbaula kuti ana asambe madzi otentha, makala ozizira osagwira moto msanga, ine n'kumakupiza mpaka nthawi kutha, kenako kuthamangira njinga kuopa kuti kasitomala apita kwa telala wina. Ndiye sunali ulesi monga ndinkaganizira. Unali mbaula. Ndinayamba kutenthetsa madzi usiku pa moto wotsala titaphika, n'kuthira mu fulasiki yayikulu imene inkangokhala m'kabati kuyambira pa ukwati wathu, m'mawa n'kungosakaniza ndi ozizira. Maulendo a m'mawa anatsika kufika atatu. Ndikanangodziuza kuti "kuyambira lero kabaza ayi" ndikanapirira masiku anayi basi, chifukwa chondikwezetsa kabazacho chikanakhala chilipobe.

Za foni sindichulutsa. Bandulo ya tsiku inkatha nthawi yake ndisanaimalize, chifukwa masana manja ali pa nsalu. Nditasinthira ku ya mlungu ndinapulumutsa pafupifupi K4,000 pamwezi, ngakhale mlungu woyamba ndinaimaliza masiku atatu ndi mavidiyo a masitayelo a madiresi. Kutapa nakonso: kasitomala akangotumiza K3,000 ndinkathamangira kwa ejenti, ka 14 mwezi umodzi, ndipo zodulidwa zonse zinakwana K4,300. Tsopano ndimadikira iunjikane, ndimatapa kamodzi pamlungu, ndipo kumene amalola kulipira pafoni ndimalipira pomwepo. Yang'anani pepala la mitengo limene limakhala pa kauntala ya ejenti, muone kuti ndalama imene mumakonda kutapa ili mu gawo liti, chifukwa amadula potengera magawo.

Panali mzere wina umene tinakanganapo pang'ono ndi bambo a kunyumba. M'mwezi umenewo ndinapereka K11,000 ku zinthu za abale: pepeso pa maliro awiri, ndi ndalama ya mankhwala ya mayi anga kumudzi ku Bembeke. Iwo ataona anati, "Nazitu zimene zikutimaliza." Ine ndinakana. Ndalama imeneyo ndinaipereka maso ali poyera, ndikudziwa, ndipo mawa nditati ndibwerezenso ndingaperekenso. Pamene tinaika maliro a bambo anga anthu omwewo ndi amene anabwera ndi ufa ndi nkhuni. Funso limene ndinkadzifunsa pa mzere uliwonse linali loti: ndikanaona ndalama yonse ya mwezi ili pamulu umodzi, kodi ndikanaipereka ku chinthu chimenechi? Za mayi anga, inde. Za chipisi K9,000, ndinaganiza kanthawi, ndipo yankho linali inde, chifukwa masiku amenewo ndi amene ndimasoka mpaka madzulo osadya kanthu kena. Za kutapa ka 14, ayi. Chimene tinagwirizana ndi bambo nchakuti za abale tiziziyembekezera, tiziikira padera kangachepe mwezi uliwonse, osati kumadabwa nazo ngati mvula ya mu Ogasiti.

Ndinawapempha kuti nawonso alembe zawo. Analemba masiku asanu, lachisanu ndi chimodzi anati pensulo yasowa. Sindinakakamize. Kope likasanduka chida chogwirira mnzako, onse awiri mumayamba kulinamiza.

Tsopano gawo limene sindinaliyembekezere. Titaphatikiza zonse zimene ndinakwanitsadi kutseka, kabaza K8,000, makala K6,000, bandulo K4,000, kutapa pafupifupi K2,500, zinangopitirira pang'ono K20,000 pamwezi. Ndalama ndithu, sindikuipeputsa. Koma ine ndinkaperewera K45,000. Ngakhale ndikanasiya chipisi, ndikanasiya foni, ndikanayenda wapansi tsiku lililonse ngati mwendamnjira, dzenjelo silikanakwiririka. Miyezi yonse ija ndinkadziimba mlandu wosakaza, pamene gawo lalikulu la vutolo silinali m'manja mwanga mowonongera ayi.

Linali mbali ya zolowa. Kope lomwelo linandionetsa, chifukwa ulusi, mazipi ndi mabatani ndinkazilembanso. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo zipangizo zathu zosokera zambiri ndi zakunja. Koma mitengo yanga yosokera inali yomwe ija ya chaka chapitacho. Ndinkachita manyazi kukweza, poti makasitomala ambiri ndi anthu a kutchalitchi ndi anansi. Nditawerenga bwino zipi imodzi, kuchotsa mtengo wa zipiyo ndi ulusi, pa K1,500 imene ndinkalipiritsa ndinkatsala ndi ndalama yosakwana kugula tijumbo tiwiri ta makala, pa ntchito yotenga pafupifupi ola lathunthu ngati ndi jinzi yolimba. Ndinakweza zipi kufika K2,200, diresi la sukulu kuchoka K3,000 kufika K4,000. Awiri atatu anadandaula, mmodzi anasamukira kwa telala wa kuseri kwa msika, ndipo patapita miyezi iwiri anabweranso osanena kanthu, nanenso sindinafunse.

Izi ndikuzinena kuti mukayamba kuwerenga musalowe ndi yankho m'thumba. Mwina kwa inu mudzapezadi kuti timabowo ting'onoting'ono ndito tikumaliza ndalama. Mwina mudzapeza ngati ine kuti tikungotenga theka, kapena kuchepera apo. Njira yodziwira ndi yomweyo: ikani ndalama imene mumaperewera pamwezi mbali imodzi, zimene mungatsekedi mbali inayo, muone ngati zikufikana. Zikapanda kufikana, kudzimana kowonjezera sikungathandize, kungokudwalitsani.

Sindilemba tsiku lililonse masiku ano, ndinganame. Ndimatulutsa kope kawiri pachaka, mu Juni kukazizira ndi mu Januwale nthawi ya mayunifolomu ndi fizi, mwezi wathunthu ulendo uliwonse, chifukwa mitengo imasintha ndipo mabowo nawo amasamuka. Ulendo wathawu ndinapeza kuti kabaza wakhala chete, koma kwatulukira kena: tizidutswa ta nsalu zokongola timene ndimagula kwa mnyamata woyendayenda ndi chikwama, ndikuti ndidzasokera ana. Tinakwana K7,200, ndipo tonse tili m'katoni pansi pa bedi. Mzere wa "sindikudziwa" unali K2,300. Chipisi ndinadya kasanu ndi kawiri, ndipo Lachisanu lina ndinawagulirako aNangozo, tinadyera limodzi pakhonde pomwepo, makina ali pambali.